"Eniake Ali ku Joni, Koma Anandisiyira Mphamvu"

Aliyense amene anasakapo puloti kapena nyumba yogula ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu anawamvapo mawu amenewa. Wogulitsa si mwini nyumba. Ndi mng'ono wake, mlamu wake kapena mnzake wakale, ndipo akaona kuti mukukayika amasolola pepala m'envulopu: lotayipidwa bwino, losainidwa, pansi pake chidindo cha loya. Maloya amalitcha pawa ofu atone, ife tingoti kalata yopereka mphamvu. Ambiri akangoona chidindocho mtima umakhala pansi, n'kuyamba kukambirana za mtengo.

Chidindocho chimangochitira umboni chinthu chimodzi chokha, chakuti tsiku lakutilakuti munthu wina anasaina pepalali pamaso pa mwini chidindo. Chidindo sichinena kuti pepalalo likuloleza kugulitsa nyumba, ndiponso sichinena kuti mphamvuyo idakali yamoyo lero. Mafunso awiriwa muyenera kuwafufuza nokha, ndipo pamene anthu ambiri amatayira ndalama ndi pomwepa.

Kalata imeneyi imakhala ndi anthu awiri: wopereka mphamvu ndi wolandira mphamvu. Woperekayo amalemba kuti uje achite zakutizakuti m'dzina langa, ndipo chimene wolandirayo wachita motsatira kalatayo, lamulo limachitenga ngati wachita ndi mwiniwake. Akasaina mgwirizano wa lendi, womangidwa ndi mgwirizanowo ndi mwini nyumba. Akalandira ndalama, ndalamazo ndi za mwini nyumba. Wolandira mphamvu sasanduka mwini katundu ngakhale pang'ono, ndipo woperekayo sataya mphamvu zake. Akhoza kubwera mawa n'kuchita yekha zomwe anatuma mnzakezo. Wolandirayo safunika kukhala loya. Akhoza kukhala aliyense wamkulu amene mutu wake ukugwira bwino. Woperekayonso ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, wozindikira chimene akusaina, ndipo asaine mwa kufuna kwake. Gogo amene wagwiritsidwa cholembera ali gone pa bedi la chipatala, sakudziwa n'komwe kuti lero ndi lachingati, sanapereke mphamvu iliyonse, ngakhale pepalalo litakongola bwanji.

Mawu a m'kalata ndiwo malire

Tiyerekeze nkhani iyi. Bambo wina amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo ali ndi nyumba ku Eliya 49 ku Lilongwe, ya liizi, yolembetsedwa m'dzina lake ku ofesi ya malo. Mu 2019 asananyamuke anapita kwa loya n'kulembera mng'ono wake kalata. Kalatayo ikuti mng'onoyo asamalire nyumbayo, aziika ndi kutulutsa alendi, azilandira lendi ya K150,000 pamwezi, azilipira msonkho wa khonsolo, azikonza zowonongeka, ndi kuchita zina zonse zofunika pa ntchito imeneyi. Papita zaka zingapo, mng'onoyo akukupezani inu n'kukuuzani kuti nyumbayo ili pa malonda pa K45 miliyoni. Mukafunsa za mphamvu, akulozerani mzere womalizawo: "Onani apa, alemba kuti zina zonse."

Musagule. Makhothi amawerenga kalata zotere mothinitsa, osati motambasula. Mawu akuti zina zonse akabwera pambuyo pa mndandanda wa ntchito, amatanthauza zina zonse zothandiza ntchito zatchulidwazo, monga kugula loko yatsopano, kuitana pulambala kapena kulembera mlendi wosalipira kalata yomuchenjeza. Kusamalira nyumba ndi kuigulitsa ndi ntchito ziwiri zosiyana kotheratu. Amene watumidwa kulandira lendi sanatumidwe kugulitsa, sanatumidwe kukapinyolitsa nyumbayo ku banki kuti atenge ngongole, sanatumidwenso kuipereka kwa wina ngati mphatso. Ntchito zikuluzikulu ngati zimenezi ziyenera kulembedwa poyera, ndi mawu ake enieni.

N'chifukwa chake kalatazi zilipo za mitundu iwiri. Ina ndi ya mphamvu zambiri, yoti wolandirayo ayendetse pafupifupi zonse za chuma cha mwiniwake. Ina ndi ya ntchito imodzi: gulitsa puloti ya nambala yakuti, pa mtengo wosachepera wakuti, ndalama zilowe mu akaunti yakuti, ndipo mphamvuyi ithe pa tsiku lakuti. Anthu ambiri amakonda yoyambayo poganiza kuti ikuwapeputsira ntchito, asamabwererenso kwa loya. Kunena zoona, ndi anthu ochepa amene amafunikadi kalata yotakata choncho. Amene akufuna kuti m'bale wake angogulitsa galimoto alembe za galimotoyo basi, n'kutchula nambala yake.

Ngakhale kalata itatakata chotani, pali zinthu zimene singaloleze. Munthu sangakulembereni wilo, sangakuvotereni, sangakalumbire m'khothi m'malo mwanu pa zinthu zimene munaona ndinu. Wolandira mphamvu sangaipatsirenso kwa munthu wachitatu pokhapokha kalatayo itamuloleza kutero, chifukwa amene anakhulupiriridwa ndi iyeyo. Ndiponso munthu sangapereke mphamvu imene iye mwini alibe. Ngati nyumba inalembetsedwa m'maina a bambo ndi mayi, kalata ya bambo okha siikwanira. Ngati liizi ikufuna chilolezo cha unduna wa za malo isanasinthidwe dzina, kalatayo siichotsa lamulo limenelo. Munda wa kumudzi umene banja lonse limadyapo sungagulitsidwe pa kalata ya munthu mmodzi, popeza ngakhale woperekayo sakanatha kuugulitsa yekha.

Pali chinanso chimene abale ambiri sachidziwa akamalandira kalatazi mokondwa. Wolandira mphamvu wasenza udindo wolemera pamaso pa lamulo. Ayenera kusunga ndalama za mwiniwake padera, osaziphatikiza ndi zake. Ayenera kusunga malisiti ndi kufotokoza mmene tambala iliyonse yayendera akafunsidwa. Saloledwa kudzigulitsa yekha katunduyo kapena kugulitsa kwa mkazi wake pa mtengo wozizira mwiniwake asanadziwe ndi kuvomera. Mng'ono uja akatenga lendi ya miyezi isanu n'kuyambira bizinesi ya kaunjika, ngakhale ali ndi mtima wodzabweza, walakwira lamulo, ndipo mkulu wake akhoza kumusumira.

Kufufuza ngati kalatayo ndi yeniyeni

Tsono tisinthe nkhani ija pang'ono. Tiyerekeze kuti kalata imene mng'onoyo wakuonetsani ikunenadi poyera kuti akhoza kugulitsa nyumbayo, ndipo yatchula nambala ya puloti. Funso loyamba latha. Latsala lachiwiri: kodi pepalali analembadi ndi mwini nyumba?

Yambani ndi pepala lenilenilo. Fotokope wamba, kapena chithunzi chotumizidwa pa foni, si zoti munthu n'kutulutsira K45 miliyoni. Pemphani kalata yeniyeni imene inasainidwa ndi cholembera, muwerenge masamba onse, muone ngati palibe tsamba losowa, mzere wofufutidwa kapena tsamba lina looneka kuti linatayipidwa ndi makina ena. Achinyengo ambiri sapeka kalata yonse. Amatenga kalata yoona ya lendi n'kusinthamo tsamba limodzi lapakati. Kenako yerekezani maina. Dzina la wopereka mphamvu lifanane ndendende ndi dzina lomwe lili pa taitolo didi, ndipo dzina la wolandira lifanane ndi la pa chitupa cha unzika cha munthu waima pamaso panuyo, nkhope yakenso ifanane ndi chithunzi.

Mukatero tsatani chidindo. Kalata yotere imasainidwa pamaso pa mboni yovomerezeka, kawirikawiri loya amene ndi komishonala wa malumbiro kapena notale pabuliki. Pa chidindocho pamakhala dzina. Bungwe la maloya m'dziko muno limatulutsa maina a maloya amene ali ndi chilolezo chogwira ntchito, ndiye n'zotheka kudziwa ngati dzinalo ndi la loya weniweni. Pitani ku ofesi yake ndi kalatayo mukamufunse ngati siginecha ndi chidindocho ndi zake, ndiponso ngati wosainayo anabweradi yekha ndi chitupa chake. Nambala ya foni imene mwapatsidwa ndi wogulitsa musaidalire. Chidindo cha labala amasema pamsika tsiku limodzi, ndipo munthu woyankha foni kuti "inde, ndine loya" sasowa.

Pa nkhani ya malo pali khomo lina lofunika kwambiri. Lamulo la malo olembetsedwa la 1967 linakhazikitsa kaundula wa kalata zopereka mphamvu ku ofesi ya rejisitala wa malo. Kalata imene ikugwiritsidwa ntchito posintha umwini wa malo olembetsedwa iyenera kulowa m'kaundulayo, ndipo rejisitala sangasinthe dzina pa siginecha ya mng'ono uja popanda zimenezi. Choncho mukapita kukapanga sechi ya pulotiyo, kuti muone mwini wake ndani ndiponso ngati palibe ngongole ya banki kapena koshoni yoletsa kugulitsa, funsaninso ngati kalata ya mphamvuyo inalembetsedwa, komanso ngati palibe chidziwitso chakuti inathetsedwa. Ntchito imeneyi ndi bwino aichite loya wanu, osati loya amene wabwera ndi wogulitsa.

Nanga ngati kalatayo inasainidwa kunja, mwiniwake ali kale ku Joni kapena ku Mangalande? Apa njira zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba ndi kusaina pamaso pa notale pabuliki wa dziko limenelo, kenako kalatayo n'kuikidwa chikalata chotsimikizira chotchedwa apositilo. Chikalatachi chinachokera ku pangano la maiko la ku Hague la 1961, limene Malawi, South Africa ndi Britain onse ali momwemo. Ku South Africa kalata ya notale imalandira apositilo kwa rejisitala wa khothi lalikulu, pamene ku Britain imaperekedwa ndi ofesi ya boma yoona za maubale ndi maiko akunja. Njira yachiwiri ndi kukasainira ku ofesi ya kazembe wa Malawi, monga ku Pretoria kapena ku London. Koma apositilo nayenso ali ndi malire ake: amatsimikiza kuti notale amene anadindayo ndi weniweni, osati kuti zolembedwa m'katimo ndi zoona kapena kuti zidakagwirabe ntchito. Ndipo ndi nzeru kufunsiratu ku ofesi kumene kalatayo ikukagwira ntchito isanasainidwe. Mabanki ambiri, mwachitsanzo, amafuna kuti mwini akaunti adzazenso fomu yawoyawo asanalole munthu wina kutapa ndalama, ndipo si zachilendo kuona kalata yodula ndalama zambiri ikubwezedwa pa kauntala.

Chomaliza ndicho chosavuta kuposa zonse, komanso ndicho anthu amachilumpha poopa kuoneka ngati akukayikira mnzawo. Lankhulani ndi mwini nyumba. Pezani nambala yake kudzera kwa anthu ena, alendi okhala m'nyumbamo kapena anansi, mumuimbire foni ya vidiyo, aonetse nkhope ndi chitupa, anene ndi pakamwa pake kuti nyumbayo akugulitsadi ndiponso pa mtengo wanji. Ndalama zilowe mu akaunti ya mwiniwakeyo kapena zidutse kwa loya. Wogulitsa akayamba zakuti "achimwene safuna kuvutitsidwa" kapena "pali wina akubwera ndi kashi madzulo ano," nyamukani muzipita. Kupeka kalata ndi kugwiritsa ntchito kalata yopeka ndi milandu yoti munthu n'kulowa nayo m'ndende, koma kumangidwa kwa wakubayo sikubweza ndalama zanu.

Mphamvu imatha, pepala likadali m'envulopu

Apa ndi pamene nkhaniyi imasokoneza ngakhale anthu ophunzira. Kalata ikhoza kukhala yeniyeni, yolembedwa bwino, yodindidwa ndi loya woona, koma n'kukhala yakufa. Pepala silisintha maonekedwe mphamvu ikatha.

Kutha kwina n'koonekeratu. Ngati munalembedwa tsiku lothera, ikafika tsikulo yatha. Ngati inali ya ntchito imodzi, ntchitoyo ikachitika yatha. Kalata yogulitsira galimoto siigulitsanso galimoto ina chaka chamawa. Wolandira mphamvu akamwalira kapena akakana kupitiriza, yatha, ndipo ana ake sailowa ngati chuma chamasiye. Wopereka akagamulidwa ndi khothi kuti walephera kubweza ngongole, katundu wake n'kuikidwa m'manja mwa wina, yathanso.

Kutha kwachiwiri ndi kwa mwiniwake kuibweza. Wopereka mphamvu akhoza kuithetsa nthawi iliyonse, popanda kupereka chifukwa. Kupatulako n'kochepa: pamene mphamvuyo inaperekedwa ngati chikole, monga kwa banki imene yakongoza ndalama, ndipo kalatayo ikunena kuti singathetsedwe mpaka ngongole itatha. Koma kuthetsa kuli ndi njira yake. Bambo wa ku Joni uja akakangana ndi mng'ono wake pa foni n'kunena kuti "kuyambira lero usakhudzenso nyumba yanga," pakati pa awiriwo mphamvu yatha, koma dziko silikudziwa. Lamulo la malo olembetsedwa limateteza munthu amene wagula mwachilungamo, walipira, ndipo sankadziwa kuti mphamvu inathetsedwa, ngati kalatayo ili m'kaundula ndipo palibe chidziwitso chakuti inathetsedwa. Kunena kwina, mwini nyumba akhoza kutaya nyumba chifukwa chongokalipa pa foni osalemba. Choyenera kuchita n'chakuti alembe kalata yothetsa mphamvu kudzera kwa loya, aipereke kwa mng'onoyo mwa njira yosiya umboni, aitanitse kalata yoyamba ija, adziwitse rejisitala wa malo, banki ndi alendi, ndipo ngati akuopa kuti nyumba igulitsidwa msanga, apemphe kuti pa taitolo paikidwe choletsa. Ena amalengezanso m'nyuzipepala, ndipo amachita bwino.

Kutha kwachitatu ndi imfa ya wopereka mphamvu, ndipo apa mabanja ambiri amalakwitsa mosadziwa. Bambo akamamwalira, mwana amene anali ndi kalata amathamangira ku banki kuti akatape ndalama za bokosi ndi chakudya cha pamaliro, akuganiza kuti ino ndiye nthawi yeniyeni imene kalatayo inalembedwera. Ayi. Mphamvuyo inatha pa ola limene bambowo anatsirizika. Wotumidwa amachita zinthu m'dzina la munthu wamoyo. Munthuyo akapita, palibenso womuimira. Kuyambira pamenepo katundu yense ndi chuma chamasiye, ndipo chimayendetsedwa ndi lamulo la chuma chamasiye la 2011. Amene angachikhudze ndi munthu wotchulidwa mu wilo kuti ayendetse chumacho, kapena amene khothi lamupatsa makalata oyendetsera chuma chamasiye, kapenanso ofesi ya Adiminisitireta Jenerale. Lamulo lomwelo linaika chilango kwa olanda chuma chamasiye, ndipo kalata yopereka mphamvu si chishango pa mlandu umenewo. Mng'ono amene wagulitsa nyumba ya mkulu wake mwezi umodzi maliro atachitika, mlamu wake ndi ana ali pomwepo, walanda. Wogula amene anali pamaliropo, kapena anamva za imfayo, sanganene kuti sankadziwa, ndiye chitetezo chija sichimufikira. Aliyense wokhudzidwa, monga mayi wamasiye, akhoza kukadziwitsa rejisitala wa malo za imfayo atatenga umboni wake, ndipo ndi bwino kuchita zimenezi mwamsanga.

Kutha kwachinayi ndi kowawa kwambiri, chifukwa kumabwera pa nthawi imene banja likuifunitsitsa kalatayo. Malamulo a otumidwa amene tinatengera ku Mangalande amati wopereka mphamvu akasiya kuzindikira zinthu, kaya ndi sitiroko, matenda a ukalamba oiwalitsa kapena matenda a maganizo, mphamvu ya kalata wamba imatha. Maganizo ake ndi akuti sungachitire munthu chimene iye mwini sangathenso kuchisankha kapena kuchiletsa. Pa mlandu wina wodziwika wa ku Mangalande wa 1910, wa Yonge ndi Toynbee, maloya anapitiriza kuimira munthu amene mutu unali utamusokonekera, iwo osadziwa. Khothi linagamula kuti mphamvu yawo inali itatha kale, ndipo ndalama zimene mbali inayo inawononga pa mlanduwo alipire ndi maloyawo kuchokera m'thumba mwawo. Phunziro kwa wolandira mphamvu n'lakuti ukamachita zinthu ndi mphamvu yakutha, ngongoleyo ikhoza kugwera iwe.

Maiko ena anakonza vutoli. Ku England ndi ku Wales lamulo la 2005 linabweretsa kalata yapadera, imene inayamba kugwira ntchito mu 2007, yopitirira ngakhale mwiniwake atasiya kuzindikira. Ilipo ya chuma ndi ina ya zaumoyo, ndipo iyenera kulembetsedwa ku ofesi ya boma yoteteza anthu otere isanagwiritsidwe ntchito. Amalawi okhala kumeneko asaganize kuti kalata imeneyi ingolandiridwa yokha pa nyumba ya ku Zomba kapena ku Kasungu. Katundu wa kuno amatsata malamulo a kuno, ndipo loya wa kuno ayenera kuiona kaye. Ku South Africa kalata yotere kulibe. Munthu akadwala mutu mphamvu imatha, ndipo abale amapempha khothi lalikulu kuti lisankhe womuyang'anira chuma. Kunonso, kholo likafika posazindikira, njira yotetezeka ndi ya kukhothi, osati kupitiriza ndi kalata yakale kapena kulisainitsa yatsopano.

N'chifukwa chake zaka za kalata zili ndi kanthu. Kalata ya 2019 ija siinathe chifukwa chongokalamba, ngati munalibe tsiku lothera. Koma m'zaka zimenezo munthu akhoza kumwalira, kudwala, kukangana ndi mng'ono wake kapena kusintha maganizo. Rejisitala wa malo ali ndi mphamvu yofunsa umboni wakuti kalata yakale siinathetsedwe asanalembetse chilichonse, ndipo inu wogula muli ndi ufulu wofunsa chomwecho. Ngati mwini nyumba alidi moyo, ali bwino ndipo akufunadi kugulitsa, kusaina kalata yatsopano yotchula nyumbayo, mtengo wake ndi akaunti yolandirira ndalama si ntchito yoti n'kumutopetsa. Muuzeni wogulitsayo kuti mudikira kalata imeneyo, ndipo musapereke ngakhale ya chikole isanafike.